Kulemba Uthenga wa Mawu Popanda Kunamizira Mwini Wake

Munthu akadina kachizindikiro ka maikolofoni pa WhatsApp n'kuyamba kuyankhula, kawirikawiri amakhala asanamalize kuganiza. Amaganiza mawu ali kale panjira. N'chifukwa chake amayamba chiganizo n'kuchisiya pakati, amatchula tsiku kenako n'kulisintha, amadzudzula mwana amene akusokosa, ndipo mfundo imene anaitumizira uthengawo amaikumbukira atatsanzika kale. Khutu silivutika nazo zimenezi, limasefa lokha. Koma mawu omwewo akalembedwa papepala monga mmene anatulukira pakamwa, wowerenga amatopa asanafike pakati, ndipo woyankhulayo amaoneka ngati wosokonezeka mutu pamene anali bwinobwino.

WhatsApp inayamba kulola anthu kutumizirana mauthenga a mawu mu 2013, ndipo lero nkhani zambiri za m'mabanja, za kumpingo ndi za m'magulu a banki m'khonde zimayenda mwa njira imeneyi. Agogo amene maso anafooka, kapena amene sukulu sanapite nayo patali, amatha kufotokoza zonse popanda kupempha mdzukulu kuti awalembere. Komabe imafika nthawi yoti mawuwo alembedwe. Mlembi wa gulu amafuna kuika chidziwitso m'buku, mwana amene ali ku Joni amafuna kutumizira abale ake zimene amalume anena zokhudza munda, mtolankhani amafuna kugwiritsa ntchito zimene wina wamuyankha. Apa wolemba amakhala ndi mphamvu yaikulu kuposa mmene amaganizira, chifukwa anthu ambiri adzawerenga zimene iye walemba ndipo sadzamvetseranso mawu enieniwo.

Vuto lalikulu pa ntchitoyi si kusiya "eee" kapena "ndiye" wambirimbiri. Zimenezo aliyense amatha kuchotsa. Vuto ndi lakuti nkhani ikamakonzedwa kuti iwerengeke bwino, imayamba kumveka yotsimikizika kuposa mmene mwini wake anainenera. Chimene chinali mphekesera chimasanduka chilengezo, ganizo limasanduka lamulo. Wolembayo sanafune kunama, koma wanamizira munthu.

Tiyerekeze kuti mayi wapampando wa gulu la banki m'khonde watumizira mlembi wake uthenga woti auze mamembala. Mlembiyo waulemba wonse mmene ulili, ndipo watuluka chonchi:

"Eee alembi, mwaswera bwanji kumeneko, ife taswera. Ndimati ndikuuzeni za, za nkhani ija, iii koma netiweki lero. Ndiye paja tinagwirizana kuti tikumana Lachitatu eti, ndiye Lachitatu lija sizitheka, chifukwa akuti kuli, kuli sikelo ya ana, ndangomva choncho kaya, ndiye mwina tipange Lachinayi, aa ayi Lachinayi ndi la msika, Lachisanu, Lachisanu thu koloko, kwathu konkuno. Iwe, tseka chitsekocho! Pepani, ndi mwana uyu. Ndiye eee, za ndalama zija, amsungi ndinakumana nawo dzulo, akuti yatsala, kwa anthu amene sanabweze, yatsala pafupifupi fifite sauzande, koma ati sanawerengere bwinobwino, buku anasiya kunyumba. Ndiye achemwali a tomato aja, anawauza kuti Lachisanu lomwelo, bola katundu akayenda. Ndiye ine ndimaona ngati, kaya inu muona bwanji, amene sabweza pofika Lachisanu chindapusa chija chikhalepo, faivi handiredi ija, koma izi tikakambirane kaye tonse, si kuti ndalamula ayi. Ndi zomwezo basi. O, ndikanaiwala, aliyense abwere ndi kabuku kake. Muwauze anzathu. Ndiye Lachisanu eti. Zikomo."

Kulemba kotereku, liwu ndi liwu, ndiko kuyamba kwa ntchito, ndipo sikuyenera kudumphidwa. Anthu ambiri amamvetsera kamodzi n'kulemba zimene zatsala m'mutu, koma zimene zimatsala m'mutu ndi zimene womvetsera anayembekezera kumva. Njira yabwino ndi kumvetsera uthenga wonse kamodzi cholembera chili pansi, kuti mudziwe kumene nkhani ikulowera, kenako n'kubwerera poyamba, kumaimitsa pakatha chiganizo chilichonse. WhatsApp ili ndi kabatani kothamangitsira mawu, kolembedwa 1.5x ndi 2x. Polemba, kasiyeni pa 1x, chifukwa timawu tating'ono ngati "ati" ndi "kaya" timamezeka mawu akamathamanga. Amene amachita ntchitoyi tsiku ndi tsiku amawerengera kuti kulemba kumatenga nthawi yochuluka kanayi kapena kuposa kutalika kwa uthengawo, choncho uthenga wa mphindi zitatu suyenera kukudabwitsani ukakudyerani kotala la ola. Pamene simunamve, musaganizire. Ikani chizindikiro chonga ichi, [sizikumveka, 1:12], kusonyeza mphindi ndi sekondi, kuti mudzabwererepo kapena mufunse.

Tsopano mlembi wathu ali pachangu, ndipo wakonza uthengawo motere:

"Msonkhano wa Lachitatu walephereka chifukwa kuli sikelo ya ana. Tikumana Lachisanu 2 koloko. Ngongole yotsala ndi K50,000. Mayi ogulitsa tomato abweza Lachisanu. Amene sabweza pofika Lachisanu alipira chindapusa cha K500. Aliyense abwere ndi kabuku kake."

Ndi waufupi, ndi womveka, ndipo palibe liwu limene mlembi wapeka. Koma wapampando atauwerenga akhoza kunena kuti, "Alembi, ine sindinatero," ndipo sangalakwe.

Yambani ndi chindapusa, chifukwa ndi pamene pangayambike mkangano. Wapampando anazungulira kwambiri asanachitchule: "ndimaona ngati", "kaya inu muona bwanji", "tikakambirane kaye tonse", "si kuti ndalamula ayi". Wolemba wosazindikira amaona ngati kumeneku n'kuzengereza chabe, kofanana ndi "eee". Koma mayiyu amadziwa kuti m'gulu lotere wapampando salamula chindapusa yekha, ndipo wanena kanayi konse, m'njira zosiyana, kuti ili ndi ganizo loti likakambidwe. Munthu akabwereza chinthu chotere kangapo, sakubwebweta, akuteteza mbiri yake. Simuyenera kulemba zonse zinayi, koma chimodzi chiyenera kutsala, ndipo chitsale poonekera. Mlembi uja wachotsa zonse, ndipo Lachisanu mamembala adzabwera atakwiya kale ndi lamulo limene palibe analikhazikitsa.

Ndalama nazo zasintha ngakhale nambala ndi yomweyo. M'mawu a wapampando munali zinthu zitatu zozungulira nambalayo: kuti ndi "pafupifupi", kuti anena ndi amsungi, ndi kuti amsungiwo analibe buku m'manja. Zitatu zonsezi zapita, kwatsala K50,000 yokhayokha, yooneka ngati yachokera m'kaundula. Likadzatsegulidwa buku n'kupezeka K62,000, wina adzafunsa kuti K12,000 yachokera kuti, kapena ikachepa adzafunsa kuti ina yapita kuti, ndipo maso onse adzakhala pa msungichuma amene anachenjeza kale kuti sanawerengere. Nambala ikalembedwa ndi manambala imaoneka yolemera kuposa ikatchulidwa pakamwa, choncho mawu oichepetsa mphamvu ndi ofunika kwambiri papepala kuposa mmene analili pakhutu.

Pa nambala palinso msampha wina umene tonse tikuudziwa. Ndalama timazitchula m'Chingerezi chathu, ndipo pa foni "fifitini" ndi "fifite" zimamveka pafupifupi chimodzimodzi, monganso "sikisitini" ndi "sikisite". Galimoto ikadutsa pa nthawi yomweyo, K15,000 ikhoza kukhala K50,000. Nambala iliyonse imvetsereni kawiri, ndipo mukakayika, funsani mwini wake polemba manambala kuti ayankhe inde kapena ayi.

Nkhani ya sikelo ndi yaing'ono koma ndi ya mtundu womwewo. Wapampando anati "akuti", n'kuwonjezera kuti "ndangomva choncho kaya". Sanafunse kuchipatala, wangomva kwa anthu. Mlembi walemba ngati ndi zoona zenizeni, ndipo mayi wina akhoza kubereka mwana Lachitatu n'kuyenda ulendo wautali pokhulupirira uthenga wa gulu. Chimene wapampando anatsimikiza n'chakuti msonkhano wa Lachitatu sutheka. Chifukwa chake ndicho sanachitsimikize. Zolembedwazo ziyenera kusiyanitsa ziwirizi.

Kupeta mpunga kumafuna dzanja lodziwa: mankhusu ayenera kuuluka, koma lichero likagwedezeka mwamphamvu misere imapita nawo limodzi. M'chiyankhulo chathu timawu timene timauluka msanga ndi iti: akuti, ati, mwina, kaya, ngati, bola, pokhapokha, pafupifupi, kaye, chabe. Tina timasonyeza kuti nkhani yachokera kwa wina, tina timasonyeza kukayika, tina timaika malire kapena chofunika kuchitika poyamba. Koma si paliponse pamene timanyamula katundu. Onani "mwina" m'mawu akuti "mwina tipange Lachinayi". Ameneyu akhoza kuchoka, chifukwa Lachinayi lenilenilo linakanidwa nthawi yomweyo, ndipo Lachisanu linatchulidwa kawiri motsatizana n'kubwerezedwanso potsanzika. Palibe mndandanda wa mawu oyenera kuchotsedwa nthawi zonse. Pa liwu lililonse funsani kuti, ndikalichotsa, kodi wowerenga akhulupirira china chimene womvetsera sakanakhulupirira? Ngati inde, lisiyeni.

Munthu akadzikonza yekha, lembani chimene wathera nacho. Lachinayi silifunika kuoneka m'chidziwitso, chifukwa likaoneka wina wowerenga mothamanga adzabwera Lachinayi. Koma chenjerani, kudzikonza ndi kuwonjezera n'zosiyana. "Lachinayi, aa ayi, Lachisanu" n'kudzikonza. "Lachinayi, kapenanso Lachisanu" ndi masiku awiri amene onse ali moyo, ndipo wolemba alibe ufulu wosankhapo limodzi.

Mbali yovuta kwambiri mu uthengawu ndi ya achemwali a tomato. Mverani bwino: "anawauza kuti Lachisanu lomwelo, bola katundu akayenda." Anauza mnzake ndani? Mwina achemwaliwo ndiwo analonjeza amsungi kuti abweza Lachisanu. Mwinanso amsungi ndiwo anapatsa achemwaliwo tsiku la Lachisanu. M'Chichewa, chifukwa cha ulemu, munthu mmodzi wamkulu timamutchula ngati anthu ambiri, ndipo "anawauza" akhoza kukhala mayi mmodzi kuuza mayi mnzake, mbali iliyonse, kapena gulu kuuza gulu. Woyankhula amadziwa amene akunena, ndipo nthawi zina mamvekedwe a mawu amathandiza, koma papepala zonsezo zimatha. Kusiyana kwake si kwamasewera. Ngati achemwaliwo analonjeza okha, akalephera ndiye kuti aphwanya lonjezo. Ngati anangouzidwa, sanalonjeze kanthu. Mlembi uja wasankha yekha tanthauzo limodzi, n'kuchotsanso "bola katundu akayenda", amene anali mawu okhawo oteteza mayiyo tomato akapanda kugulidwa.

Pamalo ngati amenewa luso la kulemba silithandiza. Chothandiza ndi kufunsa: "Amayi, pa za achemwali a tomato paja, analonjeza okha kapena ndi amsungi anawapatsa tsikulo?" Ngati mwini mawu sakupezeka, siyani chiganizocho mmene chilili, chosamveka bwinocho, m'malo mochiwongola molakwika. Ndi bwino wowerenga afunse kuti kodi apa akutanthauza chiyani kusiyana n'kuti akhulupirire chimene sichinanenedwe.

Palinso funso lina pa mayi ameneyu: kodi ngongole yake iyenera kulengezedwa kwa gulu lonse? Wapampando ankayankhula ndi mlembi yekha, ndipo mwina mbali imeneyi inali ya awiriwo. Kuchotsa mfundo yathunthu sikulinso kukonza chiyankhulo, n'kusankha zoti anthu amve, ndipo chilolezo chake chili ndi mwini uthenga. Mlembi wanzeru amafunsa zonse ziwiri pa foni imodzi.

Mawu ena amakhala omveka pa nthawi imene ananenedwa basi. "Dzulo", "mawa", "dzana", "konkuno", "nkhani ija". Uthenga ukajambulidwa Lolemba usiku, mlembi n'kuulemba Lachiwiri, wina n'kuuwerenga Lachitatu atagula bandulo, "dzulo" wakhala masiku atatu osiyana. Apa kusunga liwu ndiko kusintha tanthauzo, ndipo kusintha liwu ndiko kulisunga. Yang'anani tsiku limene uthengawo unafika pa foni, muwerengere kuchokera pamenepo, mulembe dzina la tsiku ndi deti. "Kwathu konkuno" akhale "kunyumba kwa wapampando", apo ayi ena adzapita kwa mlembi poganiza kuti ndiye akuitana. Mlembi wachangu uja malo sanawatchule n'komwe.

Kusuntha mfundo n'kololedwa. Kabuku kanakumbukiridwa kumapeto, koma malo ake enieni ndi pafupi ndi tsiku la msonkhano, ndipo palibe chimene chitayike mukakaika pamenepo. Choopsa ndi timawu tolumikizira timene wolemba amawonjezera kuti ziganizo zitsetsereke. Anthu ambiri akamayankhula amalumikiza chilichonse ndi "ndiye", ndipo "ndiye" ameneyu nthawi zambiri satanthauza chifukwa, amangosonyeza kuti mpweya wakokedwa. Mukamusandutsa "choncho" kapena "pa chifukwa chimenechi", mwapanga ubale umene panalibe. Mu uthenga wathuwu, ganizo la chindapusa likubwera pambuyo penipeni pa nkhani ya achemwali a tomato. Mlembi atalemba kuti "choncho wapampando akuganiza za chindapusa", aliyense angamve kuti chindapusacho chabwera chifukwa cha mayiyo, pamene wapampando sananene zimenezo.

Mlembi atafunsa, tinene kuti wapampando wayankha kuti achemwaliwo analonjeza okha, koma nkhaniyo isalembedwe m'chidziwitso. Uthenga wokonzedwa bwino ungakhale wotere:

"Uthenga wochokera kwa amayi apampando. Msonkhano umene tinagwirizana kuti ukhale Lachitatu sutheka. Amva kuti tsikulo mwina kuli sikelo ya ana. M'malo mwake tikumana Lachisanu, 2 koloko masana, kunyumba kwa amayi apampando. Aliyense abwere ndi kabuku kake. Amsungi anawauza kuti ngongole zimene sizinabwezedwe zatsala pafupifupi K50,000, koma nambalayi sinatsimikizidwe chifukwa analibe buku. Amayi apampando akuganiza kuti amene sabweza pofika Lachisanu alipire chindapusa chija cha K500. Ili ndi ganizo chabe, si lamulo. Tikakambirana tonse pamsonkhano."

Ndi wautaliko kuposa woyamba uja, koma ndi pafupifupi theka chabe la zimene zinayankhulidwa. Moni, dandaulo la netiweki, mwana ndi chitseko, Lachinayi, zonse zapita ndipo palibe amene angazifune. Liwu lakuti "masana" lawonjezedwa, ndipo n'loyenera chifukwa palibe gulu limene limakumana 2 koloko usiku. Onaninso kuti uthengawu walembedwa mofotokoza zimene wapampando ananena, osati m'mawu ake. Kusankha kumeneku kuchitike poyambirira ndipo kusasinthe pakati. Mukafotokoza, muli ndi ufulu wosintha mawu bola tanthauzo likhale lomwelo. Koma mukaika zizindikiro zogwira mawu a munthu, mukulonjeza wowerenga kuti mawuwo anatuluka pakamwa pake. Mkati mwa zizindikirozo mukhoza kuchotsa chibwibwi ndi kubwereza, koma simungaikemo liwu lanu ngakhale likhale lokoma bwanji.

Nyumba za malamulo zinalimbana ndi funso lomweli kalekale. Zokambirana za aphungu zimalembedwa m'buku lotchedwa Hansard, dzina lochokera ku banja la osindikiza mabuku a ku London amene ankasindikiza zokambirana za nyumba ya malamulo ya ku Britain m'zaka za m'ma 1800. Mu 1907 komiti ya nyumbayo inafotokoza mmene bukuli liyenera kulembedwera: lisakhale liwu ndi liwu ndendende, kubwerezabwereza kuchotsedwe, zolakwika zoonekeratu zikonzedwe, koma pasachoke kalikonse kowonjezera tanthauzo la zimene phungu wanena kapena kothandiza kumvetsa mfundo yake. Nyumba ya Malamulo ya ku Malawi nayo ili ndi Hansard yake. Mawu oti "zoonekeratu" ndi amene ali ndi nzeru pamenepa. Munthu akati "mwezi wa Febuluwale pa 30", lilime laterereka ndipo aliyense akuona, ngakhale deti lenileni mufunikabe kufunsa. Koma akanena nambala imene inu mukudziwa kuti ndi yolakwika, iye akuikhulupirira, kumeneko si kuterereka. Musamukonzere mwakachetechete. Muuzeni, asinthe yekha, kapena lembani mmene wanenera n'kuika ndemanga yanu padera yodziwika kuti ndi yanu.

Chimodzimodzi ndi kayankhulidwe ka munthu. Agogo a ku Ntcheu kapena amalume a ku Chipata ali ndi mawu awo, ndipo wolemba amene anaphunzira Chichewa cha m'kalasi amayesedwa kuwaveka chiyankhulo cha pa wailesi. Pa chidziwitso cha msonkhano zimenezi zilibe kanthu kwenikweni. Koma ngati mukulemba mbiri ya banja kapena malangizo a agogo kwa adzukulu, mwambi umene anaponya, dzina limene amaitanira munda, ngakhale kubwereza kwawo kuti "ndati musagulitse, musagulitse", ndi mbali ya tanthauzo. Kubwereza kwa chibwibwi kumachoka, kubwereza kotsindika kumatsala, ndipo kusiyanitsa ziwirizi kumafuna khutu, osati zolembedwa. N'chifukwa chakenso funso liyenera kumvetseredwa mosamala. "Mwapereka ndalama zonse" ndi "Mwapereka ndalama zonse?" ndi mawu amodzimodzi, kusiyana kwake kuli pa kukwera kwa liwu basi. Mukaiwala chizindikiro cha funso, munthu amene ankafunsa mwamusandutsa mboni.

Mukamaliza, seweraninso uthengawo maso ali pa zimene mwakonza, chala chikutsatira. Pa mfundo iliyonse ya m'mawu pezani malo ake papepala, ndipo pa chiganizo chilichonse cha papepala pezani pamene chinanenedwa. Chiganizo chimene chilibe kwawo m'mawu ndi chanu, chichotseni. Kenako mutumizireni mwini wake, kapena muwerengereni ngati sawerenga, monga mmene apolisi amawerengera munthu sitetimenti yake asanasaine.

Pa nthawi yowerengerayi pamachitika chinthu chimene olemba ambiri sachiyembekezera. Munthu akamva mawu ake atakonzedwa, amafuna kusintha maganizo. Wapampando akhoza kunena kuti, "Za chindapusazo ingochotsani, ndikanena ndekha pamsonkhano." Pa chidziwitso chimene sichinatumizidwe, umenewo ndi ufulu wake, chotsani. Koma ngati zolembedwazo ndi umboni wa zimene zinanenedwa tsiku lakutilakuti, monga lonjezo la ngongole kapena mawu a amalume pa malire a munda, zoyambazo zikhale mmene zilili, ndipo zatsopanozo zilembedwe pansi pake ndi deti lake. Uthenga wa mawu weniweniwo musaufufute foni ikadzaza. Utumizeni ku imelo kapena ku foni ya munthu wina wa m'komiti, ndipo pamwamba pa pepala lembani amene anayankhula, tsiku limene anatumiza, ndi kutalika kwa uthengawo.